Nyimbo ya pa Siwa: Yotonthoza ndi Iti, Yobaya ndi Iti?

Masamba aikidwa kale pamsewu, ndipo a njinga akafika pamenepo akutsika n'kumakankha. Kuseri kwa nyumba amayi akusonkha moto, panja abambo azungulira chitsa chomwe chiyake mpaka kucha. M'nyumba ya siwa mipando yatulutsidwa, pansi payalidwa mphasa, namfedwa watsamira khoma pakati pa abale ake. Wachibale aliyense wofika kumene amayamba kubuma akadali pabwalo, ndipo akangoponda pakhomo nyumba yonse imayambiranso kulira ngati uthenga wangobwera kumene.

Pakati pa amayiwo pamakhala mmodzi amene maso ake sachoka pa namfedwa. Mwina ndi wa Mvano, wa Chigwirizano, wa Dorika kapena wa kumphakati, ndipo mawu ake ndi wamba ndithu. Iye sathamangira kuyimba. Amadikira kuti kulira kukwere, kufike pachimake, kuyambe kutsika kokha. Anthu akayamba kusisima m'pamene amaponya nyimbo, motsitsa, ngati akudziyimbira yekha. Wa pambali pake amailandira, wina n'kuthira mang'ombe, ndipo ndime yachiwiri isanathe, amene amakuwa aja amakhala akugwedeza milomo.

Luso la mayi ameneyu silinalembedwe m'buku lililonse la nyimbo. Koma amene anagonapo pa maliro ambiri amadziwa kuti nyimbo imodzi yomweyo ikhoza kukhazika mtima pansi madzulo n'kukomola munthu kumanda mawa lake. Zimene zimasiyanitsa ndi zitatu: chuni chake, mawu ake ndi nthawi imene yaponyedwa. Pa zitatuzi, chimene anthu amachinyalanyaza kwambiri ndi nthawi.

Mpweya wa munthu wolira

Munthu amene walira kwa maola angapo mpweya wake umakhala wodukaduka. Amakoka pang'onopang'ono mwabefu, kukhosi kumauma, mawu amasasa. Kuyimba kumamukakamiza kutulutsa mpweya mwakachetechete kwa nthawi yotalikirapo, ndipo kupuma kotereku kumatsitsa kugunda kwa mtima. Apa m'pamene pagona theka la chitonthozo cha nyimbo, mawu ake asanamveke n'komwe. Komabe zimatheka pokhapokha ngati namfedwayo angathe kuyimba nawo, ngakhale chapansipansi. Nyimbo imene akungoimvera ena akumuyimbira siyigwira ntchito imeneyi.

N'chifukwa chake chuni choyenera pa siwa ndi chosakwera kwambiri komanso chosalumphalumpha. Chitsanzo chabwino ndi nyimbo yotchedwa Abide with Me, imene inamasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Anailemba mu 1847 ndi wansembe wa Anglican, Henry Francis Lyte, wa ku Brixham, tauni ya asodzi ku Mangalande. Anali akudwala chifuwa chachikulu ndipo anamwalira mu Novembala chaka chomwecho ku Nice, mzinda umene lero uli m'dziko la France. Chuni chimene anthu amachidziwa lero, chotchedwa Eventide, anachipeka ndi William Henry Monk mu 1861. Amene anaphunzira do-re-mi ku kwaya akhoza kuchiyesa yekha: chuni chonsecho chimayenda pakati pa do ndi la basi, masitepe asanu ndi limodzi, ndipo nthawi zambiri chimangosuntha sitepe imodzi. Gogo wa mawu onjenjemera amachikwanitsa, mwana wa sukulu amachikwanitsa, munthu wosasa mawu amachikwanitsanso. Lyte analemba ndime zisanu ndi zitatu, koma mabuku ambiri amangosindikiza zisanu, ndipo pa siwa zitatu zimakwana.

Ngakhale chuni chabwino chotere chimaonongeka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyambitsa pamwamba. Mtsikana wa sopulano akaiponya pamalo pamene iye akumva kukoma, amayi achikulire amagwa m'njira mzere wachiwiri usanathe, n'kutsala anthu atatu akukuwa. Woyambitsa wodziwa amayambira pafupi ndi pamene mawu ake amakhala akamalankhula, chifukwa amadziwa kuti anthu omwewa ayenera kuyimba mpaka tambala woyamba.

Njira yachiwiri ndi kukoka. Pali chikhulupiriro choti nyimbo ya maliro ikamakokedwa kwambiri ndiye kuti ikupereka ulemu. Zoona zake n'zakuti nyimbo yokokedwa mopyola muyeso imasanduka kubuma kwina. Muyeso wake ndi wapafupi: ngati oyimba akupumira pakati pa liwu limodzi chifukwa mpweya wawathera, nyimboyo yachedwetsa. Iyenera kuyenda ngati munthu wopita kumadzi atasenza ndowa, wosathamanga komanso wosaima.

Palinso nkhani ya kudziwika. Mabuku monga Nyimbo za Mulungu, Khristu mu Nyimbo la a Seventh Day ndi Sumu za Ukristu la kumpoto ali ndi nyimbo mazanamazana, koma zimene anthu amaziyimba mumdima opanda buku n'zochepa. Zambiri mwa izo zinabwera ndi amishoni a ku Scotland amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, komanso a Dutch Reformed amene anayamba ku Mvera mu 1889. Pomasulira, mawu ena anafupikitsidwa kuti akwane m'chuni chachizungu, n'chifukwa chake m'nyimbo mumamveka Mlungu m'malo mwa Mulungu. Wophunzira chilankhulo akhoza kudandaula nazo. Wolira alibe nazo kanthu, chifukwa nyimbozo anazimva ali kumsana kwa mayi ake, ndipo pakamwa pamaziyimba pokha mutu uli kwina. Nyimbo yatsopano, ingakome bwanji, imafuna kuti munthu atchere khutu, pamene namfedwa alibe mphamvu zotcherera khutu.

Mawu obaya

Chuni chikhoza kukhala chofatsa koma mawu ake ali mkondo. Obaya kwambiri ndi amene amaloza chala pa bala lenilenilo. Nyimbo yonena za ana amasiye osowa wowalipirira sukulu, yoyimbidwa anawo atakhala kutsogolo, siyiwauza chachilendo. Imangowakakamiza kuona zaka khumi zikubwerazo pa tsiku limene akulephera kuona ngakhale za mawa. Chimodzimodzi nyimbo zoyerekeza kuti malemu akulankhula ali m'bokosi, kutsanzika mkazi wake ndi ana ake mmodzimmodzi. Makwaya ena amazikonda chifukwa zimaliza khamu lonse, ndipo khamu likalira iwo amayesa kuti ayimba bwino. Koma kuliza anthu pa maliro si luso. Aliyense angathe.

Mtundu wachiwiri ndi wa nyimbo zoopseza. Malemu akakhala kuti ankamwa mowa kapena anasiya kupemphera, pamapezeka wina woponya nyimbo ya chiweruzo ndi ng'anjo ya moto, ati pochenjeza amoyo. Amene amamva kuwawa si anzake a kumowa amene ali kumbuyo kwa khamu. Ndi mayi ake a malemuyo, amene tsopano asenze imfa ya mwana pamodzi ndi mantha a kumene wapita. Pafupi ndi zimenezi pali nyimbo zokuluwika, zonena za adani ndi anthu a kaduka, pa maliro amene abale akunong'onezana kale za ufiti kapena za katundu. Nyimbo yotere imathira mafuta pamoto, ndipo mfumu kapena mkulu wa mpingo amakhala ndi chifukwa chokwanira choiletsera.

Mtundu wachitatu ndi wovuta kuuzindikira chifukwa mawu ake ndi abwino. Ndi nyimbo zachigonjetso zoyimbidwa nthawi isanakwane. Buku la Miyambo, mutu 25 ndime 20, limafanizira woyimbira nyimbo munthu wosweka mtima ndi wovula mnzake chofunda tsiku lozizira. Tengani nyimbo ya Horatio Spafford, It Is Well with My Soul. Spafford anali loya wa ku Chicago. Mu Novembala 1873 sitima yotchedwa Ville du Havre, imene munali mkazi wake ndi ana awo aakazi anayi, inagundana ndi inzake panyanja ya Atlantic n'kumira. Mkaziyo anapulumuka, ana onse anayi anafa. Mawu a nyimboyi anachokera m'tsoka limeneli, ndipo Philip Bliss anaika chuni chimene chinatuluka mu 1876. Palibe angatsutse kuti ndi nyimbo yozama. Koma onani amene akulankhula: ndi bambo woferedwa, akunena za mtima wake, pa nthawi imene iye mwini anafikapo. Kuyimbira mayi amene mwana wake wamwalira m'mawa womwewo kuti zonse zili bwino n'kumuika mawu m'kamwa amene sanawafikire. Nyimbo yomweyi pa mwambo wa chikumbutso, chaka chitatha, imakhala pamalo pake.

Nanga zotonthoza zimanena chiyani? Zambiri sizikamba za malemu n'komwe. Zimakamba za amene watsala, kuti sali yekha. Joseph Scriven, mbadwa ya ku Ireland amene ankakhala ku Canada, analemba What a Friend We Have in Jesus cha mu 1855 pofuna kutonthoza mayi ake amene anali kutali kwawo. M'ndime zitatu zodziwika za nyimboyi, monga anailembera, mulibe liwu loti imfa kapena manda. Muli za katundu wolemera ndi kumene munthu angamutule. Salimo 23 limatchula chigwa cha mdima, koma limachitchula ngati malo odutsapo, ndipo wodutsayo ali ndi womuperekeza. Salimo 121 ndi la munthu wa paulendo amene akusungidwa. Salimo 90, lonena za kufupika kwa masiku a munthu, limakhala bwino pa maliro a gogo amene waona zidzukulutudzi, koma pa bokosi laling'ono la mwana limalemera.

Izi sizikutanthauza kuti nyimbo ibwere kudzatseka anthu pakamwa. Masalimo ambiri ndi madandaulo, ndipo Yohane mutu 11 amasimba kuti Yesu analira pamanda a Lazaro. Mayi uja wa pa siwa amadikira dala kuti anthu alire kaye. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti kulirako kuli ndi potsikira.

Kuyambira madzulo mpaka kumanda

Tiyerekeze maliro a bambo wa zaka za m'ma 40, mphunzitsi wa mpingo wa CCAP, amene wamwalirira m'chipatala mumzinda ndipo akukaikidwa kwawo ku Ntcheu. Wasiya mkazi ndi ana atatu, wamng'ono ali sitandade 4. Kwabwera makwaya anayi: ya kumpingo wa kutauni, ya kumudzi, ya amayi ndi ya ana a sukulu imene ankaphunzitsa.

Galimoto yochokera ku mochale ikamalowa m'mudzi chakumadzulo, palibe nyimbo imene ingamveke, ndipo n'kulakwa kuyesa kupikisana ndi kulira kwa nthawi imeneyo. Mayi ake a malemu akuona bokosi koyamba. Oyimba amaima pambali, bokosi lilowe, anthu akhale pansi. Pakapita kanthawi m'pamene nyimbo yoyamba imabwera, ndipo iyenera kukhala yodziwika kwa onse, a kutauni ndi a kumudzi omwe, yotsika, ya m'buku. Ikatha, pamafunika kaphokoso ka chete. Oyambitsa osazolowera amaopa chete, amalumikiza nyimbo pa nyimbo ngati wailesi. Koma namfedwa amafuna mpata womwa madzi, wolandira wodzapepesa, wowongola miyendo.

Usiku ukakula zinthu zimasintha. Cha m'ma 11 koloko mpaka 2 koloko mdani si chisoni chokha, ndi tulo ndi kuzizira. Apa m'pamene makolasi amagwira ntchito, aja oti mmodzi amatsogolera ena n'kumavomera, a mawu ochepa obwerezabwereza, oombera m'manja pang'ono. Mlendo akhoza kudabwa kuona achinyamata akuvina pa maliro, koma kuchezera usiku wonse ndi nyimbo zokoka zokhazokha sikutheka. Chofunika n'chakuti zimenezi zichitikire panja, pafupi ndi moto, ndipo m'nyumba mukhale mofatsa. Namfedwa akamva anthu akuyimba panja amadziwa kuti sanamuthawe, ndipo mwina amatha kutseka maso kwa ola limodzi.

Chimene chimaononga dongosolo limeneli masiku ano ndi chimkuzamawu. Banja likabwereka zida ndi jenereta, nyimbo za pa foni zimayamba kulira usiku wonse, sipika itayang'ana kukhomo la siwa. Anthu amasiya kuyimba chifukwa palibe angapose makina, n'kusanduka omvera. Foni siyiona nkhope ya namfedwa, siyidziwa kuti wakomoka kapena wagona. Ngati zidazo zilipo, malo ake ndi mwambo wa masana, kuti a kumbuyo amve zolankhula ndi ulaliki.

Mbandakucha ndi nthawi ina yovuta. Namfedwa akadzidzimuka kutulo amakumbukira mwatsopano kuti si maloto, ndipo kulira kumayambiranso. Apa makolasi amaikidwa pambali, n'kubwerera ku nyimbo zofatsa za m'buku.

Masana pamabwera masamu amene oyendetsa mwambo ambiri sawachita. Makwaya anayi, iliyonse nyimbo ziwiri, nyimbo iliyonse mphindi zisanu: ndi mphindi 40. Onjezani olankhula a kuchimuna, a kuchikazi, a kuntchito, a mfumu, kuwerenga chipepeso, ndiye ulaliki. Mayi wamasiye uja sanadye bwino masiku awiri, wakhala pamphasa padzuwa atafunda nsalu kumutu. Kukomoka kwina kumene anthu amati n'chisoni kumakhala njala, ludzu ndi kutentha. Kwaya iliyonse itapatsidwa nyimbo imodzi, zotsalazo n'kukayimbidwa usiku wa pa siwa kapena panjira ya kumanda, palibe amene angachoke wodandaula kupatula oyimba okha. Ngakhale pa maliro a Mfumukazi Elizabeth II ku Westminster Abbey pa 19 Sepitembala 2022, mwambo wa pafupifupi ola limodzi, khamu lonse linayimba nyimbo za m'buku zitatu zokha. Imodzi inali Salimo 23 pa chuni cha ku Scotland chotchedwa Crimond, chimene chinayimbidwanso pa ukwati wake mu 1947.

Kwaya ya ana a sukulu ndiyo yofuna kuiyang'anitsitsa. Kawirikawiri amakhala apeka nyimbo yawoyawo usiku wathawo, yotchula dzina la aphunzitsi awo, kalasi imene ankaphunzitsa, mpando umene watsala wopanda munthu. Cholinga n'chabwino, ndipo kuwakaniza kungawapweteke. Mkulu wa mpingo wanzeru amaimva kaye m'mawa kuseri, n'kupempha kuti ndime yotchula ana a malemu ichotsedwe, ndipo amaiika kumayambiriro kwa mwambo, kutali ndi nthawi yoona nkhope. Zimakhalanso chimodzimodzi ndi nyimbo imene malemu ankaikonda. Banja limaifuna, ndipo liyenera kuimva, koma ndi nyimbo yolemera kuposa zonse za tsikulo chifukwa aliyense akumva mawu a malemu m'kati mwake. Iyimbidwe kamodzi, anthu atakhala pansi, a banja atauzidwa kuti ikubwera. Ngati malemu anali woyimba ndipo mawu ake anajambulidwa, kuwaliza pa sipika bokosi lili pomwepo n'chinthu choyenera kufunsa mkazi wake poyamba, osati kumudzidzimutsa.

Pa kuona nkhope pamafunika nyimbo yosatha msanga, ya kolasi yobwerezeka, chifukwa palibe amadziwa kuti mzere utenga nthawi yotani. Iyenera kukhala yoti oyimba akhoza kuipitiriza osayang'ana m'buku, maso ali pa anthu. A banja akamayandikira bokosi, oyimba sakweza mawu kuti aphimbe kulira. Amangopitiriza pa mlingo womwewo, kuti wolira akatopa apeze nyimbo ikadalipo.

Panjira ya kumanda chuni chimatsata mapazi. Nyimbo zokamba za ulendo, za mtsinje, za kwawo kumene anthu adzakomane zimayenda bwino apa chifukwa zili ndi kugunda kofanana ndi kuyenda. Robert Lowry, mbusa wa Baptist ku Brooklyn, analemba yake ya kusonkhana kumtsinje mu 1864 mzindawo uli pa mliri, ndipo anaipatsa chuni chopepuka, choyendera, ngakhale kuti inabadwira pakati pa maliro.

Mphindi zowawa kuposa zonse ndi ziwiri: bokosi likamatsika, ndi dothi loyamba likagunda pa thabwa. Phokoso limenelo ndi limene ana amalikumbukira zaka zambiri. Woyambitsa wodziwa amayamba nyimbo adzukulu asanagwire zingwe, kuti ikhale itakhazikika kale, ndipo salola kuti ithe pakati pa kutsitsa. Apa ambiri amaponya nyimbo zotsanzikana, monga ija ya Jeremiah Rankin ya mu 1880 yofunira anthu kuti Mulungu akhale nawo mpaka adzaonanenso. Rankin sanailembere maliro. Anailemba ngati nyimbo yotsanzikana pobalalika mumpingo. Kumanda, kubwerezabwereza kwake kwa mawu otsanzika kumatha kudula miyendo ya namfedwa pa nthawi imene akufunika kuima. Imakhala bwino pambuyo, nkhata zitaikidwa, pamene anthu akutsanzikana okhaokha. Pokwirira, ntchito imene imatenga nthawi ndithu, nyimbo za kuuka kwa akufa ndi makolasi oyenda mofulumirirapo amathandiza adzukulu komanso amachotsa makutu a anthu pa makasu.

Nanga woyimba angadziwe bwanji kuti nyimbo yapyola? Zizindikiro zimaoneka. Namfedwa amene amagwedeza milomo wasiya, akupuma mobanika, thupi lalefuka m'manja mwa omugwira. Ana ayamba kukuwa ndi mantha osati chisoni. Oyimba eni ake akulephera kumaliza mizere. Zikatero, kudula nyimbo mwadzidzidzi kumaipitsa zinthu chifukwa chete wake amasiya kulira pambalambanda. Njira yake ndi kumaliza ndime imene ili pakamwa, kutsitsa mawu, kung'ung'udza chuni chokha popanda mawu, kenako kulowa nyimbo ina yosakamba za kusiyana. Pamene izi zikuchitika, ena amupatse namfedwa mpata wa mphepo ndi madzi.

Maliro a eni ake

Zonsezi zimagwira ntchito m'malire a chikhulupiriro cha malemu ndi banja lake. A Seventh Day amaphunzitsa kuti akufa ali m'tulo kudikira kuuka, choncho kwaya yoyendera ikayimba kuti malemu afika kale kumwamba imakhala yasemphana ndi ulaliki wa tsikulo. Kwa Akatolika, nyimbo za pa Misa ya maliro zimatsata magawo a Misayo, ndipo usiku wa pa siwa mbali ina ya ntchito ya nyimbo imagwiridwa ndi kolona, amene kubwerezabwereza kwake kumakhazika mpweya mofanana. Pa maliro a Chisilamu, swala ya janaza ilibe nyimbo ndipo thupi limaikidwa msanga. Asilamu a Kadiriya amachita sikiri, pamene ena, odziwika kuti a Sukuti, dzina lochokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kukhala chete, sagwirizana nazo. Mkhristu wopita kukapepesa kumeneko sayambitsa kolasi. Ndipo kumene kwatuluka gule wamkulu kudzaperekeza mfumu kapena munthu wolowa, ng'oma ndi nyimbo zili m'manja mwa eni dambwe.

M'mabanja ambiri muli mipingo itatu kapena inayi. Mkangano wa nyimbo umapeweka ngati mwini mbumba ndi atsogoleri a mpingo wa malemu agwirizana madzulo oyamba kuti mwambo uli m'manja mwa ndani, ndipo alendo ayimba nthawi iti.

Chaka chikatha

Mwambo wa chikumbutso, kaya ndi kuvundukula chiliza, Misa yopempherera malemu kapena mapemphero a pabanja, ndi nyama ina. Bokosi palibe, anthu adya, agona, ndipo abwera akudziwa chimene adzere. Nyimbo zimene zinali zolemera pa tsiku loika tsopano zimanyamulika: imene malemu ankaikonda, ya Spafford ija, ngakhale ya ana a sukulu yotchula dzina. Nyimbo zothokoza zimene zikanamveka ngati chipongwe pa siwa zimakhala pamalo pake. Ku Chileka, oyimba a Black Missionaries amachititsa chikumbutso cha Evison Matafale, amene anamwalira mu Novembala 2001, ndipo anthu amavina nyimbo zake zomwezo zimene zikanawaliza sabata ya maliro ake.

Cholakwika chofala pa chikumbutso ndi chosiyana ndi cha pa maliro. Kwaya imabwera ndi nyimbo za kumanda zokhazokha, kuzikoka monga mwa masiku onse, ngati ikufuna kubwezera banja pa tsiku lija. Mayi amene watha miyezi khumi ndi iwiri akuphunzira kudzuka m'mawa popanda mwamuna wake sakufunika kumubwezera kumeneko. Nyimbo imodzi yolola misozi ndi yokwanira, makamaka pochotsa nsalu pa chiliza pamene dzina likuoneka koyamba pamwala, ndipo zotsalazo zikhale zoti anthu aziyimba ataimirira.

Inu amene mumayimba kwaya kapena kutsogolera amayi kumpingo, musanaponye nyimbo pa maliro akubwerawa, funsani wachibale mmodzi kuti malemu wamwalira bwanji, wasiya ndani, ndipo ndi nyimbo iti imene banja silingathe kuimva lero. Mukatero, khalani pamalo pamene mukuona nkhope ya namfedwa.